Transifa ya a Benard Inamvekera pa Sikelo

Ine ndine Triza, ndipo ndinene kaye, sindimvetsera dala za m'nyumba za eni. Vuto ndi khoma. Nyumba za kampani kuno ku esiteti anazimanga ziwiriziwiri, khoma limodzi pakati, ndipo silinafike kudenga. Aneba akayetsemula, ife kuno timati pepani.

Aneba athuwo anali a Benard ndi akazi awo a Fainess, amake Kate. A Benard anali kalaliki wa sikelo, aja amayeza masamba a tiyi anthu akathyola. Nyumbayo inali ya ntchito yawoyo. A Fainess anali othyola tiyi asizoni, olembedwa mvula ikayamba, kuchotsedwa masamba akachepa. Asizoni sapatsidwa nyumba, izi muzisunge. A Fainess kwawo ndi ku Khonjeni, ndipo munda wawo wa kumeneko anaubwereketsa kwa msuweni wawo chaka chimenecho, poti a Benard anati kuno tikhala mpaka Kate ayambe sukulu.

Lolemba lina m'mwezi wa Malichi a Benard anadzuka m'mamawa atavala malaya a tchalitchi. Ndinamva ndekha akuti, "Amake Kate, andituma kuperekeza lole ya tiyi ku Limbe, ndibwera Lachitatu." A Fainess anawakulungira mbatata yootcha mu nyuzi. Basi.

Za kumunda wa tiyi tsikulo anandiuza ndi amayi anga, poti amathyola gulu limodzi ndi a Fainess. Cha m'ma 10 koloko anthu anali pamzere wa sikelo, madengu pansi. Woyeza tsiku limenelo anali a Mervin, mnyamata wa ku fakitale, amene kwa sabata yathunthu ankangoima pambali pa a Benard ngati mlonda. Anthu ankayesa akuphunzira chabe. Foni ya a Fainess inalira mu jumbo imene amaimangira m'chiuno. Tsono foni ija inagwera m'madzi kalekale, pakhutu simveka, imangolankhula mokweza. Izi a Benard ankazidziwa bwino.

"Voisi ya abwana anu akunyumba, iseweretu timve zachikondi," anatero mayi wina, anthu n'kuseka.

A Fainess nawo anaseka, n'kudina.

"Amake Kate, musadabwe. Kampani yandisamutsa, ndizikagwira kosungira tiyi ku Limbe. Ndiyamba pa 1 Epulo. Panopa ndabwera kudzaona malo. Musauze anthu kaye. Tikambirana."

Amayi akuti pamzere aliyense anamva. Anthu makumi atatu, ndipo mawu omaliza ndi akuti musauze anthu! A Fainess anaika foni mu jumbo, kumanga bwinobwino, kukweza dengu lawo pa sikelo. A Mervin analemba makilo.

Masana omwewo, ine ndikuchapa panja, kunabwera a Queen, akazi a a Mervin, atanyamula chingwe. A Fainess anali atangofika, asanavule n'komwe pulasitiki ya m'chiuno yothyolera tiyi.

"Odi amake Kate! Ndati ndiyeze mawindo, telala akufuna ayambe makatani."

"Mawindo a kuti?"

"Iiih, a nyumba inoyi. Akalaliki a nyumba anatiuza sabata yatha kuti tilowa ife. Kodi simunayambe kumanga katundu?"

Sabata yatha! Ine sopo anandipulumuka. A Fainess anangosuntha pakhomo n'kuti, "Lowani, yezani." Atatuluka a Queen, a Fainess anakakhala kuseri, pa kamunda kawo ka nandolo. Nandoloyo anali atafika m'chiuno, wobiriwira bwino, koma kubereka n'kwa mu Julaye uko.

Foni anaimba kanayi, a Benard osayankha. Kenako kunabwera kameseji kolemba: "Ndili ndi mabwana."

Tsono apa ndiye pondipweteka ine. A Fainess sanakwiyire amuna awo tsiku limenelo. Ankawamvera chisoni. Anauza amayi anga kuti, "Bambo a Kate achita mantha, awakankha ndi mabwanawa, asowa poyambira kundiuza." Anaimbira amalume awo a Jonas, amene ndi ankhoswe awo, kuti abwere akathandize kudandaula ku ofesi. A Jonas anafika Lachiwiri pa kabaza, jekete lili fumbi lokhalokha. Iwo anagwirapo ntchito pa esiteti zaka zambiri, ndiye ankati zimenezi amazidziwa: munthu akasamutsidwa mokakamiza, amatha kulemba kalata yopempha kuti aimitse kaye, makamaka ngati pali mwana wodwaladwala ngati Kate, amene kadi yake ili ku kiliniki ya esiteti.

Anapita onse awiri. Zimene zinachitika kumeneko a Jonas anazifotokoza okha pakhonde, ndipo iwo salankhula motsitsa.

Akuti mayi woyang'anira za antchito anawalandira bwino, n'kumvetsera mpaka amalize. Kenako anati, "Amayi, za m'failo ya munthu sindingauze wina. Koma kalata yoimitsa amalemba ndi mwini ntchito, osati banja. Ndipo amalemba asanasayine."

"Ndiye asayina?" anafunsa a Jonas.

"Kalata ya transifa imatuluka mwezi wathunthu tsiku lisanafike. Mwini wake amasayina, kope limodzi limapita kwa akalaliki a nyumba, lina kwa a galimoto kuti akonze lole ya katundu, lina amatenga yekha. Kaoneni yawoyo kunyumba. Muwerenge mzere woyamba."

Kalatayo anaipeza m'thumba la jekete lamvula, yopindidwa kanayi, pansi pa matiresi. Inali ya Chingerezi, ndiye anawerenga ndi a Jonas, akutanthauzira mawu amodziamodzi. Ine ndinali kuseri kwa khoma, ndikusankha nyemba zomwe ndinali nditasankha kale.

"Potsatira pempho lanu," anatero a Jonas, n'kuima. Anabwerezanso. "Potsatira pempho lanu la pa 12 Novembala."

"Pempho la ndani, amalume?"

"Lake iyeyo. Anapempha yekha."

Zotsalazo zinali zakuti asiyire a Mervin mabuku ndi makiyi a sikelo, nyumba aiyendere kuona zitseko ndi magalasi, makiyi abwezedwe pa 31. Lole ibwera kamodzi kokha. Ku Limbe kampani ilibe nyumba za antchito, aliyense amapeza yake. Pansi panali siginecha ya a Benard, ya pa 3 Malichi.

A Fainess sanalire. Ndinangomva akuti, "Novembala. Nandolo uja tinadzala mu Disembala. Iwo ndi amene ankaponya mbewu, ine ndikukwirira."

Lachitatu a Benard anafika dzuwa likadalipo, atanyamula buledi wa ku tauni ndi tinsapato ta Kate. A Jonas anali atakhala pampando wa a Benard.

"Amalume, mwabwera liti? Bwenzi mutandiuza."

"Nanga inu mumauza anthu?" anatero a Jonas.

A Benard anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali. Anayamba kufotokoza kuti mabwana akalamula munthu sungakane. A Fainess anangoika kalata ija patebulo. Ndinamva pepala likutambasulidwa, kenako mpando kulira.

"Chabwino," anatero a Benard. "Ndinapempha. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuima pamvula ndi sikelo, amake Kate. Uku n'kukwera. Ndinkafuna zitheke kaye. Ndikanakuuzani mu Novembala mukanakana."

"Eya, ndikanakana. Ndikanalira sabata yonse, kenako mwina ndikanalola. Koma munda wa kwathu sindikanaupereka. Inu munali pomwepo ndikumuuza msuweni wanga kuti alime."

"Zimenezo tikonza."

"Nanga foni? Mumadziwa kuti foni yanga imakuwa."

"Ndinaiwala. Ndinaopa kuti mumva kwa anthu."

"Ndamva pamodzi ndi anthu. A Queen adziwa sabata yathunthu ine ndisanadziwe, ine wogona nanu mphasa imodzi."

A Jonas anafunsa mwaulemu kuti nanga nyumba ku Limbe yapezeka? Apa a Benard anayamba kutsokomola. Akuti apeza chipinda chimodzi ku Bangwe, agona ndi mnzawo wa kuntchito. Akuti miyezi itatu yokha, mpaka akhazikike. Amake Kate ndi mwana ayambe akhala kumudzi.

"Kumudzi kwa ndani?" anatero a Jonas. "Mwana wathu munamutenga ku Khonjeni mutapempha, ife ankhoswe titakhala pansi. Lero mukumubweza pa foni? Ngakhale mbuzi yobwereka amaibweza masana, mwini wake akuona."

A Benard anapepesa. Anapepesa kwambiri, ndisaname, mpaka mawu anasintha. Anati Loweruka apita ku Khonjeni akafotokoze. Anati akapeza nyumba yazipinda ziwiri adzawatenga. A Fainess anangofunsa chinthu chimodzi: "Chikhala kuti a Queen sanabwere ndi chingwe, zoti makiyi akufunika pa 31 mukanandiuza liti?"

Masiku otsatira a Fainess ankapita kothyola monga mwa nthawi zonse. Pamzere anthu ankawapatsa malo kutsogolo, zimene iwo zinkawanyansa. Ankaphika, kuchapa, kuyankha "eya" ndi "ayi". A Benard anayesa zatha. Ndinawamva akuimba likhweru posamba.

Loweruka lija sanapite ku Khonjeni, akuti anali kumalizitsa kusiyira a Mervin mabuku. Pa 28 anapitanso ku Limbe kukasiya chikwama, n'kunena kuti abwera pa 30 ndi lole, ikatule kaye amake Kate kumudzi kenako ipitirire.

Pa 29 m'mawa a Jonas anafika ndi njinga zamoto zitatu. A Fainess anali atauza kale akapitawo awo kuti sizoni saimaliza. Anatenga zovala zawo ndi za Kate, mapoto, ndowa, mphasa ndi kadi ya kukiliniki. Bedi, wailesi ndi mipando anasiya. Anasesa nyumba yonse, kukolopa, mpaka kuchotsa akangaude, kuti oyendera nyumba asapeze chonena. Kenako anaitana a Queen n'kuwatengera kuseri.

"Nandoloyu musazule. Mu Julaye mudzadya."

A Queen analira, iwo amene anabwera ndi chingwe aja.

Asanakwere njinga, a Fainess anaima pakhonde pathu, Kate ali kumbuyo, n'kutulutsa foni mu jumbo. Anadina n'kulankhula pang'onopang'ono, ife tonse tikumva.

"Bambo a Kate, musadabwe. Ndasamuka, ndili kwathu. Lole isavutike kudzera ku Khonjeni. Makiyi ali kwa amake Triza. Mukafuna ine, muyambire kwa amalume. Tikambirana."

Foni inayamba kulira njinga zisanafike n'komwe pa mlatho. Tinkaimva ikukuwa mu jumbo mpaka anakhota.

A Benard anabwera pa 30 ndi lole yaikulu, n'kukwezamo bedi, wailesi ndi mipando inayi. Makiyi anawapatsa ndi amayi, osawapatsa moni. A Benard anaima nthawi yaitali kuseri akuyang'ana nandolo, mpaka dalaivala anaimba hutala.

Ndamva kuti ku Khonjeni a Benard apitako kawiri. Ulendo woyamba a Jonas anawasiya pakhonde tsiku lonse. Wachiwiri a Fainess anatuluka, kuwapatsa madzi akumwa ndi mwana kuti amunyamule, koma za ku Limbe anati sanaganize. Panopa akulima kachigawo kamene msuweni uja anawagawirako. A Queen makatani awo ndi ofiira, ndipo iwo ndi a Mervin amalankhula monong'ona, sindimva kanthu.