Ndege ya Che Zuberi

Zithunzi khumi ndi zinayi za mpikisano zinali zitapachikidwa kale pa chingwe m'chipinda cha kuseri kwa situdiyo ya a Alufandika ku Lirangwe, ndipo aliyense wolowa ankaima pa chachisanu ndi chiwiri. Chinali cha Zuberi, wojambula wa panjinga wochokera ku Chileka. Mtsikana ali chilili pa denga la malata, hamala m'manja, wapenya kumwamba, ndipo ndege yotera ikudutsa pamutu pake ngati angaikhome msomali.

Zuberi anakhala pa benchi ya kumbuyo. Mtsikanayo anali mlongo wake Zaituni. Tsiku lojambulalo ankakhoma denga atavala buluku la malemu bambo awo, poti chitenje chinkakodwa m'misomali. Chinali chaka cha 1978, ndipo mkazi wovala buluku ankathera kupolisi, ngati ayufi, achinyamata a chipani, sanayambe athana naye panjira. Choncho Zuberi anatsuka chithunzi chachikulu, nadetsa ndi inki mpata wa pakati pa miyendo mpaka buluku linasanduka chitenje chakuda. Kenako anachijambulanso ndi kamera n'kutsuka china chosalala, chopanda chipsera cha burashi.

A Alufandika, wapampando wa kalabu ya ojambula zithunzi, anaimirira n'kuvula magalasi.

"Anzanga, chaka chatha tinapereka mphoto kwa mwezi. Mwezi waukulu ngati lichero, utakhala pa mlambe masana dzuwa likuswa mtengo. Mwini wake sindimutchula."

"Tchulani, a Cheya, ndili pompano!" anatero Laston, mlembi wa kalabu, anthu n'kufa nacho chiseko. Laston yemweyu masiku a msika ankavala malaya ofiira a yufi n'kuima pa chipata kufunsa makhadi a chipani.

"Chaka chino mphoto ndi makina okulitsira zithunzi, ndiye timvane. Kudula m'mbali mwa chithunzi, dulani. Kutchinga kuwala ndi dzanja kuti nkhope isade, tchingani. Tonse tikudziwa zomwe pepala limachita ndi khungu lathuli. Kuwonjezera kuwala kuti mitambo ioneke, palibe mlandu. Kadontho ka fumbi, kaphimbeni ndi kaburashi. Zonsezi n'kuthandiza pepala kunena zomwe diso linaona. Koma kuikamo chinthu chomwe panalibe, kapena kuchotsa chomwe chinalipo, limenelo ndi bodza, ngakhale litakongola chotani."

Zuberi anapukuta manja pa maondo. Lamulo ndi mawu chabe, anadziuza. Adziwa ndani?

"Tidziwa bwanji?" anapitiriza a Alufandika. "Loweruka likubwerali aliyense abweretse negativi yake."

Zuberi anaganiza msanga. Negativi yachiwiri ija, ya chitenje, inalipo. Apereka imeneyo.

"Ndipo osatibweretsera negativi yojambula pa chithunzi china. Imeneyo imadziwika: wakuda amaderatu, woyera amayereratu, zapakati zimathawa. Tikufuna filimu yoyamba, yosadula, pamodzi ndi zinzake za m'mbali, tione zomwe munajambula musanafike apo ndi mutachoka apo."

Zinzake za m'mbali! Pa china Zaituni ankakwera makwerero, pa china ankaseka atatambalala pa mtanda wa denga. Buluku lokhalokha. Zuberi anayang'ana khomo. Anganene kuti filimu inanyowa ndi mvula. Kapena makoswe.

"Amene filimu yake yadyedwa ndi makoswe," anatero a Alufandika, "abwere ndi khosweyo. Chithunzi chake sititsitsa msanga. Tidzapita kwawo ine ndi mlembi, tikaone malowo ndi kucheza ndi wojambulidwayo."

"Ine ndidzapalasa njinga, a Cheya adzakhala pa kaliyala," anatero Laston.

Zuberi anaona m'maganizo Laston ali pakhonde pawo akufunsa Zaituni mafunso, ndipo Zaituni sadziwa kunama, akanama amaseka. Anaonanso anansi akuthandiza kuyankha.

Mayi Getrude, mphunzitsi, mkazi yekhayo m'kalabumo, anakweza dzanja. "Nanga munthu akafuna kungochotsa chithunzi chake?"

"Achotse lero lomwe, pamaso pathu, ndipo anene chomwe anachita kuti ena aphunzire. Chaka chino sapikisana nawo, koma nkhani yathera pomwepo. Negativi yake sitiifunanso."

Panja lole inadutsa pa msewu, zithunzi n'kugwedezeka pa chingwe. Zuberi anawerenga njira zake ngati munthu wowerenga maenje a bawo. Akapereka filimu, Laston aona buluku. Akakana, Laston apita ku Chileka. Akachotsa chithunzi n'kunena zoona, wanena yekha za buluku. Panatsala njira imodzi, ndipo inamuwawa asanaitsate n'komwe. Ndege ija anaidikira Lachitatu katatu, ali chigonere chagada pa mulu wa njerwa, nyerere zikumuluma, mpaka tsiku lomwe inadutsa pamalo pake penipeni.

Anaimirira.

"A Cheya, chachisanu ndi chiwiricho n'changa. Ndikuchichotsa."

"Chifukwa?"

"Ndegeyo panalibe. Ndinachita kuikamo."

"Ndinanena ine!" Laston anawomba m'manja. "Ndinanena kuti ndege siingamvere munthu chonchi! Che Zuberi, Msilamu wabwinobwino wosaphonya mapemphero a Ijumaa, kutinamiza ife?"

"Munaiika bwanji?" anafunsa a Alufandika.

"Manegativi awiri. Ndinayamba ndi denga, kumwamba nditatchinga ndi katoni. Kenako ndege, denga nditatchinga."

A Alufandika anavala magalasi n'kupita pa chingwe. Anayang'ana m'mphepete mwa mapiko, pomwe ntchito yotere imasiya kamzere kowala. Panalibe. Anayang'ana mbali yomwe dzuwa linamenya ndege ndi yomwe linamenya nkhope ya mtsikana. Kenako maso awo anatsika mpaka pa chitenje chakuda chopanda khwinya ngakhale limodzi, n'kukhala pamenepo nthawi yaitali.

"Ntchito yaukhondo," anatero potsiriza, akumasula chithunzicho. Anachipinda pakati, nkhope m'kati, n'kupatsira Zuberi m'manja. "Koma bodza ndi bodza. Alembi, lembani kuti Che Zuberi avomera okha za ndege, ndipo nkhani yatsekedwa. Pasapezeke wina woitokosanso."

Laston analemba, lilime lili panja. Potuluka anamugwira Zuberi pa phewa. "Achimwene, musadandaule, tonse tinayambira pomwepo. Koma mudzandiphunzitseko. Mwezi wanga uja unali ndi mzere ngati chigamba."

Ulendo wa ku Chileka unali wautali, wafumbi, ndipo tcheni chinagwa kawiri. Ankadziwa kuti pofika tsiku la msika Lirangwe yense adzakhala atamva kuti zithunzi za Che Zuberi n'zopanga, ndipo ena a ukwati adzayamba kuitana wojambula wina.

Anapeza Zaituni akusita zovala pakhonde, makala ali psuu mu mbaula.

"Bwanji achimwene, makina aja ali kuti? Kapena akubwera pa ndege?"

"Sindinapambane. Akuti ndine wabodza."

"Inu? Mwanama chiyani?"

Zuberi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachidutswa ka filimu ka zithunzi zisanu ndi chimodzi. Anakayang'anitsa kudzuwa. Pa chachitatu panali ndege, yoyera mbali yakuda ndi yakuda mbali yoyera, ndendende pamwamba pa hamala. Umboni wina woti inadutsadi panalibe pena paliponse.

"Taonani komaliza," anatero.

Zaituni anatsinzina diso limodzi, anaona miyendo yake iwiri pa denga, ndipo kuseka kunamuthera. Anabweza filimuyo mwakachetechete n'kusendeza mbaula ndi phazi kufupi ndi mchimwene wake. Zuberi anaiponya pa makala. Inapindika, inanunkha, ndipo Zaituni anakupiza utsiwo ndi mpango kuti usalowe m'zovala.