Malo okwerera basi a bambo Iwabuchi

Foni ya Kanade inayaka patebulo tikukonza zoti akanene kukomiti younika maphunziro ake, ndipo dzina limene linaoneka linali la bambo Iwabuchi, munthu amene anamwalira chaka chatha. Amene ankaimba anali mwana wawo wamkazi, pa lamya ya kunyumba kwa malemuwo. Zimenezo ndinkazidziwa bwino, komabe dzinalo linandidzidzimutsa.

"Bwanji osangosintha dzinalo iwe?" ndinamufunsa.

"Ndisintha, achemwali," anayankha, nkuitembenuza foniyo chafufumimba.

Ine ndine Mizuho, ndipo m'chipinda chathu cha kafukufuku payunivesite ndine wamkulu mwa ophunzira, nchifukwa chake amanditcha achemwali. Amati ndili ndi pakamwa, ndipo sindikana. Kanade Shirakawa ndinamutola ali m'chaka chomaliza cha digiri yachiwiri, akulota za digiri yachitatu, ya udokotala wa maphunziro, ngati munthu amangodzuka nkulowamo. Ndinamukhazika pansi. Choyamba ukagwade kwa aphunzitsi a Tsuzuki, avomere pakamwa kuti adzakuyang'anira. Mu Meyi upemphe thandizo la boma la ofufuza achinyamata, ngakhale sukulu usanaipeze. Mu Ogasiti mayeso olowera. Yankho la thandizo limabwera masamba akuyamba kufiira, ndipo sukulu imayamba mu Epulo. Ukaphonya chimodzi wadikira chaka.

Mayeso anakhoza, koma thandizo la boma linamulumpha. Analira m'chimbudzi, ine nkumugogodera kuti misozi siilipira fizi. Tinasakasaka mpaka tinapeza kabungwe kena kothandiza ophunzira. Kanavomera kumusunga, koma chaka chilichonse kamafuna kuona kuti komiti younika ntchito yake yadinda chidindo. Popanda chidindocho Kanade akanalongedza nkubwerera kwa makolo ake.

Kafukufuku wake anali wa mudzi wina wa kumapiri umene anthu akutha, achinyamata atathawira m'mizinda. Kumeneko ndi kumene anapeza bambo Iwabuchi, amene anayendetsa basi ya m'mudzimo moyo wawo wonse mpaka njirayo itatsekedwa.

Vuto linabwera chonchi. Kuno sungajambule mawu a munthu pa kafukufuku popanda chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa. Chilolezo cha Kanade chinatha limodzi ndi digiri yachiwiri kumapeto kwa Malichi, ndipo chatsopano chinkayembekezeka mu Juni. Pakati pamenepo, mu Epulo, mwana wa bambo aja anaimba. Bambo akudwala, akuti mubwere tsopano, ali ndi zoti anene.

"Usapite ndi chojambulira," ndinamuuza. "Kawaone ngati munthu basi."

"Nanga akafa, achemwali?"

"Akafa afa. Iwe ndiwe Mulungu?"

Anapita nacho. Bambo aja anamwalira chilolezo chisanatuluke.

Ndinamulalatira, koma kenako ndinamuthandiza kulemba zimene anajambulazo, ndipo ndi pamene nanenso ndinalowa m'mavuto. Bambowo sanafotokoze mbiri monga amachitira anthu okalamba. Anayendetsa basi yawo ali pabedi. Ankatchula malo okwerera limodzi ndi limodzi, ndi mawu aja a ntchito, kenako nkunena amene ankakwera pamenepo. "Pamlatho. Apa mayi Oikawa ndi dengu la bowa. Anafa. Pakachisi. Apa ana atatu a kwa Chiba. Ali ku Sendai, sabwera." Pamalo pena ankangokhala chete, ngati akudikira munthu wochedwa, kenako nkuti, "Chitseko chikutsekeka." Kumapeto anati, "Mwalemba eti? Tsopano onse akwera."

Kuchokera pamenepo ndikakwera basi ya mumzinda, makina akamalengeza malo otsikira, ndinkamva mawu enawo pansi pake. Ndinkachita mantha, ndipo sindinauze aliyense.

Kanade anamanga mutu wonse wachiwiri wa buku lake pa mawu amenewo. A Tsuzuki anali kunja kwa dziko theka la chaka, ndipo atawerenga anangoyamikira kukoma kwake osafunsa kuti anajambula liti.

Komiti inakumana mu Febuluwale, masana, chipale chofewa chikugwa. Ine ndinaloledwa kukhala kumbuyo monga ophunzira ena. Kutsogolo kunali a Tsuzuki, bambo wina wa chigawo chathu, ndi mayi Hayasaka ochokera kuchigawo china, amene sakweza mawu koma sadumpha mzere.

Anayamba ndi zachizolowezi. Maphunziro ofunika wamaliza? Wamaliza. Wakalankhulapo pamsonkhano wa akatswiri? Kamodzi. Nkhani yotumiza kumagazini ya akatswiri ili pati? Yalembedwa theka. Zimene unalonjeza chaka chatha ndi zimene wachita zikugwirizana? Zaka ziwiri zatsalazi zikukwanira? Kanade ankayankha bwino, ine mtima nkuyamba kukhala m'malo.

Kenako mayi Hayasaka anavula magalasi.

"Mutu wachiwiriwu ndauwerenga kawiri, ndipo usiku wake sindinagone bwino. Koma a Shirakawa, mwalemba kuti munajambula mu Epulo. Chilolezo chanu ndi cha Juni."

"Ndi choncho, aphunzitsi," Kanade anatero. "Ankamwalira."

"Ndamva. Anasaina kuti akuvomera?"

"Ndi iwowo anandiitana. Dzanja silinkagwira cholembera."

A Tsuzuki anayang'ana patebulo, makutu atafiira. Mayi Hayasaka anafotokoza modekha kuti komiti ya zilolezo ya pasukulu pathu siipereka chilolezo chobwerera m'mbuyo, ndipo mwini mawu sangafunsidwenso. Palibe amene ankamutenga Kanade ngati wakuba. Koma mutuwo sukanalowa m'buku, ngakhale m'magazini. Akauchotsa, nkubweretsa dongosolo latsopano mwezi usanathe, adinda. Akaukakamira, sadinda.

Ndinkafuna kuimirira nkuwatukwana onse atatu, koma chondipweteka chinali chakuti mayiwo sankalakwa. Lamulolo analiikira anthu ngati bambo Iwabuchi omwewo, odwala amene sangathe kukana mlendo waulemu wobwera ndi makeke.

"Ndiuchotsa," Kanade anatero, nkuwerama.

Dongosolo latsopano tinalemba limodzi. Adzafunsa ana a m'mudzimo amene ali m'mizinda, anthu amoyo, odziwa kusaina. Ndi kafukufuku wabwino ndithu, ndipo adzamaliza pa nthawi yake. Zidindo zitatu zofiira zinatera papepala, kabungwe kaja nkuvomera chaka china. Kanade anauzidwa kuti mawu ojambulidwa aja awapereke kubanja la malemuwo, asasunge kanthu.

Tsiku limene anabwera ndi pepala lodindidwalo ndinamugulira mpunga wothira msuzi wa nyama kukantini kuti tisangalale. Sanadye. Ankangoyang'ana pawindo, milomo ikugwedezeka, ndipo nditatchera khutu ndinamva. Pamlatho. Pakachisi. Pasukulu yakale. Choipa nchakuti malo otsatira ndinkawadziwa, ndipo ndinawatchula mumtima iye asanafike.

Foni inayaka pafupi ndi mbale yake. Dzina lija.

"Yankha," ndinamuuza. "Akuimbiranji kawirikawiri chonchi?"

"Amafunsa chinthu chimodzi," anatero Kanade. "Akuti asanamwalire bambo anauza mudzi wonse kuti alowa m'buku, aliyense ndi malo ake okwerera. Ndiye otsalawo akufuna kudziwa kuti lituluka liti."

Tinangokhala, dzina la bambo Iwabuchi likuwala pakati pathu, mpaka linazima lokha.