Mafuta a Nsatsi a Alamu

Leonor anatsika kamiyawu, lole ya mbatata, pa Domwe ali fumbi lokhalokha. Ankachokera ku Kalomwe, akukagulitsa mbatata zake. Anangoti adzere, aone mng'ono wake Joaquina, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Anamupeza pakhonde, wagwira chiuno, milomo gwa. Patsogolo pake panali amuna ake, a Baltazar, kalaliki wa m'loja, sitolo ya pomwepo. Dzanja ili sipuni, ili botolo.

"N'chiyani chimenecho, alamu?"

"Mafuta a nsatsi. Wadzimbidwa chiyambire sabata yatha."

Leonor anamenya sipuniyo. Mafuta anatayikira pa nsapato zonyezimira za mkuluyo.

"Mayi wapakati! Amenewa amautsa matenda nthawi isanakwane. Mwana atuluke lero, mumufunditsa chiyani? Jekete lanulo?"

Joaquina analankhula motsitsa. Kuchipatala cha ansembe anamuuza kuti magazi achepa. Anamupatsa makomprimidu a feru, mapiritsi owonjezera magazi. Atayamba kumwa, m'mimba munauma. Kachimbudzi kotulukako kanali kakuda bii. A Baltazar anachita mantha, nkubisa mankhwalawo.

Leonor anali atabereka anayi. Makomprimidu amenewa ankawadziwa.

"Kudako ndi feru, iwe. Sanakuuze? Ukudya chiyani muno?"

"Pawu, buledi uja. Mpunga. Ufa woyera."

"Nyemba?"

Joaquina anayang'ana amuna ake.

"Muno sitidya za kumudzi," anatero a Baltazar, akupukuta nsapato.

"Ee! Azungu a ku Lifidzi! Munakulira mgaiwa inu, makutu mbuu. Lero tayi wakumangani mpaka matumbo a mkazi. Madzi ukumwa?"

"Ndimaopa kuti mimba ithina kwambiri."

Leonor anatsonya. Analowa m'nyumba ngati yake. Anatunga madzi chikho chodzaza, naima pomwepo mpaka Joaquina atamaliza. Anapita kumsika. Anabwerako ndi mgaiwa, nyemba, nkhwani, mapichesi. Anaphika akulalata, mapoto akulira.

"Dzuka. Tiyende mpaka pamlatho."

"Achemwali, ndatopa."

"Utopa bwanji osatopa, magazi mulibe? Pang'onopang'ono. Tiye."

Atabwerera, Leonor anatambasulira a Baltazar dzanja.

"Makomprimidu."

"Ndi amene amudwalitsa."

"Akasiya, tsiku lochira akataya magazi, mudzamupatsa anu? Amwa. Madzi amwanso, masamba adya. Zikakanika, kapena mimba ikayamba kupota, mumukweza panjinga kwa anamwino, akaone okha chochita. Osati za m'loja."

Mkuluyo anawatulutsa m'thumba la jekete.

Kamiyawu inapita, Leonor anatsala. Mbatata zake zinakagulitsidwa ndi ena. Kunacha, kunachanso. M'mawa wina, atamwa madzi ofunda ndi phala la mgaiwa, Joaquina analowera kuseri. Anakhalitsa. Anatuluka akuseka, thukuta kamukamu, dzanja pamimba.

"Zatheka. Ndipo uyu akumenya."

Leonor sanaseke. Anatenga botolo lija, nathira mafuta onse m'dzala, a Baltazar akuona.

"Nyemba zatsala mumphika, alamu. Mudye nanunso. Nkhope yanuyo ndi ya munthu wodzimbidwa."