Lachinayi M'chipinda Chong'aluka

Makalasi am'mawa anali khumi, koma zipinda zabwino zinali zisanu ndi zinayi. Chakhumi chinang'aluka khoma chaka cha namondwe, ndipo mng'aluwo unkakulirakulira.

Mayi Januária, wachiwiri kwa mkulu wa sukulu, anatha sabata yathunthu akukonza orariyo, ndandanda ya maphunziro. Nzeru yawo inali yakuti nthawi iliyonse kalasi imodzi izikhala panja, kumasewera kapena kumunda wa sukulu, ina n'kulowa m'chipinda chake. Zonse zinatheka kupatula phunziro lomaliza Lachinayi. Tsikulo mphunzitsi wamasewera amakhala kusukulu ina, ndipo wazaulimi maola ake anali atakwana. Akati asunthe apa, mphunzitsi wina ankapezeka m'makalasi awiri nthawi imodzi.

"Ndi mphindi makumi anayi ndi zisanu zokha, mayi," anatero mkulu wa sukulu. "Atsegulireni chakhumicho."

Mayiwo anasuzumira pazenera. Phiri la Tumbine linali litamira m'mitambo yakuda bii. Anafufuta phunziro la Telma, mphunzitsi woyembekezera yemwe ankayenera kuphunzitsa m'chipindacho Lachinayilo, nalisinthanitsa ndi masamu awo. Khomalo likamagwa, lipeze yemwe analemba orariyo.