Setifiketi yachitatu ya sukulu ya ku Kabudula

Elifasi Chimphonda anali mmisiri wa njerwa, koma za mapepala ankasiyira mlamu wake Hudson, mwamuna wa mlongo wake Tisiyenji. Mu 1957 awiriwa anapeza ntchito yomanga makalasi awiri a sukulu ya mishoni kufupi ndi Kabudula, pamtengo wa mapaundi 800. Woyeza ntchito akabwera, amishoni ankalemba setifiketi yosonyeza ndalama zoti alipire panthawiyo. Hudson ndiye ankakaitenga.

Ndalama zinkabwera zoperewera. Elifasi atafunsa, Hudson anati, "Alamu, pa mapaundi khumi alionse amasungako atatu. Tikamaliza adzatipatsa zonse pamodzi."

Elifasi anakhulupirira. Iye ankadya zochepa kuti amisiri ake asagone ndi njala.

Zipupa zitafika poika denga, Hudson anadwala malungo. Elifasi anapalasa yekha njinga kukatenga setifiketi yachitatu kwa a Bizwick, kalaliki wa zomangamanga.

"Akalaliki, ndiloleni ndidandaule," anatero atakhala pabenchi. "Atatu pa khumi ndi zambiri. Bwanji mutamasunga awiri?"

"Atatu? Wakuuzani ndani?" A Bizwick anatembenuza pepala kuti Elifasi aone, nayamba kuloza ndi pensulo. "Apa ndi ntchito yonse imene yayezedwa kuyambira pamaziko mpaka lero, mapaundi 500. Mukuvomereza?"

"Ndinagwira nawo tepi yoyezera ndine. Ndi momwemo."

"Apa tasungako imodzi pa khumi, mapaundi 50. Zimenezi ndi zanu ndithu. Theka mudzalandira mukapereka makiyi, theka linalo pakatha miyezi isanu ndi umodzi, mukakonza paliponse pamene pangang'ambike. Mzere uwu ndi wina. Tikudula zobwezera ndalama zoyambira ntchito zimene tinakupatsani zija, ziwiri pa khumi. Mpaka lero zakwana 100. Zotsala 350. Tichotse 245 zimene munalandira pa masetifiketi awiri oyamba, lero mutenga 105."

"Ndalama zoyambira ziti?"

A Bizwick anamuyang'ana kanthawi. Kenaka anatsekula kabati, natulutsa pepala lina. "Mapaundi 160, ogulira simenti ndi malata. Anatenga a Hudson mu Meyi. Dzina ili si lanu kodi?"

Linali lake. Elifasi anakumbukira tsikulo. Anali pamwamba pa thandala, manja ali matope okhaokha, Hudson nkumukwezera pepala kuti ndi lolembetsera antchito, iye nkusaina. Simenti yonse Elifasi anagula ndi ndalama za fodya wake, ndipo malata anali asanagulidwe ngakhale limodzi.

"Ndiye kuti 100 ameneyo sadzabweranso?"

"Sangabwere, bambo. Ndipo kwatsala 60, tidzadula pa masetifiketi akubwerawa. Pepalali lilibe cholakwa. Ndawerengera kawiri."

Elifasi anasaina, nalandira ndalama. Sanabwerere kuntchito, analunjika kwa mlongo wake. Anapeza Hudson atakhala pakhonde, atafunda bulangete, Tisiyenji akusenda mtedza pambali pake. Elifasi anayala setifiketi pamkeka.

"Alamu, ndiwerengereni mzere wachitatuwu."

Hudson anayang'ana pepalalo osaligwira. "Ndimati ndikufotokozerani ntchito ikatha."

"Ndalamazo zili kuti?"

"Ndinagula ngolo ndi ng'ombe zinayi. Zina ndinakonzera nyumba."

"Ngolo yomwe imatituta njerwa ija? Imene munati ndi ya mnzanu wa ku Nambuma, ine nkumalipira masheleni asanu patsiku?"

"Ndikanabweza, alamu. Ngolo imabala ndalama."

Tisiyenji anasiya mtedza. "Munandiuza kuti ndi ndalama zimene munasunga kale muli kalaliki," anatero kwa mwamuna wake. Kenaka anatembenukira kwa Elifasi. "Achimwene, ine sindinadziwe. Ndikulumbira."

"Ndikudziwa, chemwali."

Elifasi sanakweze mawu. Chimene chinkamuwawa kwambiri si ndalamazo ayi, koma masiku onse amene Hudson ankamuona akutafuna chinangwa chouma masana, nkumamulimbitsa mtima kuti apirire, za kumapeto zidzakoma.

Nkhaniyi inakafika kwa akulu a mpingo. Hudson anavomera kugulitsa ng'ombe ziwiri, koma ndalama zake zinangokwana theka la malata. Theka linalo Elifasi analipeza pogulitsa chimanga cha m'nkhokwe ndi makina osokera a mkazi wake. Ena anamulangiza kuti akasume ku Boma. Iye anakana, poti akanamangitsa bambo wa ana a mlongo wake.

Makalasi anatha mvula yoyamba itagwa kale. Setifiketi yachinayi ndi yachisanu Elifasi anakatenga yekha, ndipo ankapempha a Bizwick kuti amuwerengere mzere uliwonse pang'onopang'ono asanasaine. Hudson anasamukira ku Nsaru ndi banja lake. Pamaliro akakumana ndi Elifasi ankapatsana moni wa pakamwa, aliyense nkukakhala mbali yake. Tisiyenji ankabwera yekha kudzaona mchimwene wake, ndipo za mwamuna wake sankazitchula.