Mawu a Pansi pa Chithunzi Changa

Tsitsi langa ndakhala ndikupangitsa pa saluni imodzi kuyambira pomwe inali kachipinda ka mpando umodzi, galasi long'aluka ndi beseni la pulasitiki. Mwini wake timamutchula kuti Madamu. Masiku amenewo sanali Madamu ayi, anali kamtsikana koonda ka manja ofewa, kothokoza kawiri ukakalipira. Lero ali ndi mipando mdadada, zowumitsira tsitsi zazikuluzikulu, atsikana ovala yunifolomu yapinki, ndi tsamba pa intaneti limene amalidyetsa zithunzi kuposa mmene amadyetsera ana ake.

Sindibisa, theka la mitu imene imakhala pa mipando imeneyo ndinaikokera ndine. Ndimagwira ntchito pa kauntala m'sitolo ya nsalu, ndipo pakamwa panga sipadziwa kutseka. Munthu akangoti, "Koma tsitsi lakukhalanitu," ine basi ndayamba kumulozera njira, mpaka kumujambulira mapu kuseri kwa lisiti. Palibe anandituma. Ndinkangokondwa kuona mwana wa mnzako akukwera.

Mwa onse amene ndinawakokera, amene ndinamuvutikira kwambiri ndi Neba. Tinayamba kuitanana choncho tikuchita lendi zipinda zoyandikana, ndipo ngakhale tinasamuka aliyense kwake, dzinalo linatikakamira. Ndi iye amene ankasunga kiyi wa nyumba yanga. Ndi iye amene anagona nane pa benchi ya kuchipatala bambo a kunyumba atachitidwa opaleshoni. Chaka chatha mtsikana wina watsopano pa saluni paja anamusiyira mankhwala owongolera tsitsi nthawi yaitali, mtsikanayo ali pa foni ndi chibwenzi chake. Neba anapsa khungu la m'mutu, tsitsi lakutsogolo lonse linasosoka, ndipo anayenda miyezi ndi mpango kumutu ngati namfedwa. Analumbira kuti phazi lake silidzapondanso pamenepo. Ine ndi amene ndinapita kwawo kukamunyengerera. Ndinati mtsikana uja anamuchotsa, ndinati Madamu akulira, ndinati, "Iwe Neba, chitira ine." Anabwerera chifukwa cha ine.

Pa saluni paja pali chizolowezi. Akamaliza kukuluka, amakuimika pa khoma loyera pafupi ndi zenera n'kukujambula chakumbuyo, kuti pa tsamba lawo pazioneka ntchito, osati nkhope ya munthu. Ndajambulidwa nkhongo kosawerengeka. Koma Loweruka lina Madamu anatenga foni yekha n'kunena kuti, "Achemwali, tatembenukani pang'ono, mizere yakutsogoloyi yakhala bwino kwambiri. Eya, mwetulirani." Ine, chitsiru cha mano oyera, ndinamwetulira.

Lolemba m'mawa ndikupinda nsalu, mnzanga wa pa kashiya anandiyandikira ndi foni yake, akuseka chamumtima.

"Kani mumadya bwino chonchi osatiuza? Nanga pa mutu wangawu munapezapo chiyani?"

Pa foni panali nkhope yanga, mano onse pamtunda. Pansi pake panali dzina langa lonse, ndi mawu awa: "Onani kasitomala wathu wa golide! Abweretsa kale anzawo ambirimbiri, ndipo pa mnzawo aliyense amatsukitsa tsitsi ulere. Nanunso bweretsani mnzanu amene sanabwerepo. Akatchula dzina lanu polipira koyamba, iye timuchotsera mtengo, inu mutsukitsa ulere!" Kenako timitima tofiira, timaluwa, ndi manja owomba.

Ine chibadwire sindinatsukitsepo ulere ngakhale nsidze. Pansi pa chithunzicho anthu anali atayamba kale kuthira ndemanga. Wina analemba kuti, "N'chifukwa chake ankatikakamiza." Wina anangoika nkhope yoseka mpaka misozi. Onsewo ndinkawadziwa, ena ndinavina nawo pa maukwati awo.

Nthawi ya nkhomaliro ndinapita ku saluni osadya. Ndinapeza Madamu atakhala pa kauntala, magalasi ali pamphumi, chala chikungoseseretsa foni.

"Achemwali! Mwaona mmene mwatchukira? Foni siikupuma chiyambire m'mawa."

"Madamu, munandipatsa liti za ulere ine?"

Anaseka, n'kundigwira dzanja ngati ndine mwana wolira switi. "Aaa, ndiye mwakwiya ndi zimenezo? Ndi malonda basi. Poyamba ndinalemba mawu okhaokha, opanda nkhope, ndipo palibe anayankha ngakhale mmodzi. Anthu sakhulupirira mphatso imene sanaone wina atailandira. Ndiye ndinati ndiike munthu amene aliyense amamudziwa. Ndakulemekezanitu pamenepa."

"Mwandinamizira."

"Ndangothira kamchere. Nanga anthuwo simunabweretse?"

"Ndinabweretsa. Koma mwalemba kuti ndinkalandira."

"Kuyambira lero muzilandira. Zakale zija ayi, siziwerengedwa, chifukwa ndondomekoyi yayamba lero lomwe, ndipo ndi ya anthu atsopano okhaokha. Ndikayamba kuwerenga zakale, aliyense abwera ndi mbiri yake, ine n'kutseka saluni."

Imvani zimenezo. Anandisandutsa wakuba, koma wakuba wake wopanda katundu. Ndinamuuza kuti achotse chithunzicho pompo, alembe kuti ananama. Nkhope yake inasintha, n'kukhala ya pa kauntala.

"Kuchotsa ndichotsa, chikangozizira. Koma zoti ndilembe kuti saluni yanga imanama, Achemwali, zimenezo musandipemphe. Ndili ndi atsikana awa oti ndiwalipire."

Atsikanawo maso anali pa mitu ya makasitomala, makutu onse kwa ife. Ndinatuluka mtima ukuwira. Za anthu a ndemanga aja sindinkasamala kwenikweni, aseke atope. Ndinkaganiza za munthu mmodzi yekha, amene sanalembe kalikonse.

Nditaweruka ndinalunjika kwa Neba. Ndinamupeza pabalaza akusita malaya a mwamuna wake, wailesi ikulira chapansipansi. Masiku onse ndikafika amakuwa ndili pageti, kunditukwana kuti ndanenepa. Tsiku limenelo anandilozera mpando wa alendo.

"Mwaswera bwanji?" anatero.

Zaka zonsezi ine ndi iye timaitanana kuti iwe ndi iwe. Ulemu umenewo unandilasa kuposa mbama.

"Neba, waona zimene walemba mayi uja? Ndi bodza lenileni. Sindinalandirepo kanthu ine."

"Ayi, palibe vuto. Munthu aliyense amadya pomwe wapeza."

"Ndikuti ndi bodza!"

Anaimika simbi, n'kukweza dzanja kukhudza pamphumi pomwe tsitsi linamera lopyapyala ngati la khanda. Sindikudziwa ngati anachita dala.

"Tsiku lija munakhala pa mpando womwewo. Munati, chitira ine. Ine ndinapita kukakhazika mutu wanga wa zilonda m'manja mwa anthu amene anandiwotcha, ndikunjenjemera, chifukwa ndimati mnzanga wandipempha. Amuna anga anandinena kuti ndine wopusa. Ndinawayankha kuti simukumudziwa Neba wanga." Anatembenuza malaya. "Kani munkandidyera masuku pamutu."

"Tiye tikamufunse limodzi. Akuuza yekha kuti zayamba lero."

"Ndikafunse amene amakudyetsaniyo? Ndiye ayankha kuti chiyani?"

Mboni yanga inali imodzi yokha, ndipo inali yomweyo imene inandinamizira. Akanati ndinkalandira, ndiye kuti ndinkalandira. Akanati sindinkalandira, ndiye kuti akuteteza munthu wake. Ndinalumbira pa ana anga, ndinalira, ndinamukumbutsa za benchi ya kuchipatala ija. Iye anangopitiriza kusita, kolala, manja, msana, bwinobwino osapsereza. Potuluka anandiperekeza mpaka pageti, chinthu chimene sanachitepo, n'kundipatsa kiyi wa nyumba yanga. Anati akuopa angamutaye.

Chithunzi chija Madamu anachichotsadi, atakolola zokwanira. Koma madzi akatayika saoleka. Anthu anali atachisunga kale m'mafoni mwawo, n'kumatumizirana. Ku sitolo ndikauza kasitomala kuti nsalu iyi siisuluka, mnzanga wa pa kashiya amafunsa mokweza kuti, "Pamenepa mupezapo zingati?" Ndinasiya kulozera anthu chilichonse. Munthu akandifunsa kumene ndinagula nsapato, ndimati ndaiwala. Ku saluni sindinapitekonso. Ndinayamba kulukitsa kwa mayi wina wa manja olimba ngati pulayazi, amene amakoka mpaka maso kutseguka okha, ndipo ndinkamva kuti ndi chilango chondiyenera chifukwa cha kumwetulira kuja.

Neba ndinkamuimbira. Ankayankha, inde, mwaulemu wake uja. Ali bwino, ana ali bwino, zikomo poyimba. Ndinkadziuza kuti mkwiyo ndi moto wa mapesi, uzima wokha. Ndinkati tsiku lina ndidzamva kukuwa pageti.

Mwezi utatha, ndili pa kauntala ndikuyeza nsalu ya makatani, foni inalira. Unali uthenga wochokera ku saluni: "Zikomo kasitomala wathu! Anzanu atsopano atchula dzina lanu. Bwerani mudzatsukitse tsitsi ulere, kawiri." Ndinaganiza kuti ndi chipongwe cha Madamu. Ndinaimba ndili wokonzeka kumusambitsa chokweza, koma anayankha ndi mmodzi wa atsikana aja.

"Ayi Anti, si zolakwika. Anabwera anzanu aja, amene anapsa aja. Anabweretsa mwana wawo wamkazi ndi mwana wa achemwali awo, onse koyamba. Analipira okha, n'kutchula dzina lanu."

Ndinati mwina ndi njira yake yobwerera, Neba amadziwa kupepesa mokhotakhota.

"Ananena chilichonse?"

Mtsikanayo anazengereza. Kumbuyo kwake ndinkamva chowumitsira tsitsi chikulira.

"Anakana kuti tiwachotsere mtengo. Ndiye anaima pa kauntala mpaka ataona kuti uthenga wapita kwa inu. Anati tikuuzeni kuti mitu ndi iwiri, muwerenge bwino, tingakubereni."

Kasitomala wa makatani uja anali akudikirabe, chala chili pa nsalu pomwe ndinalekezera. Anandifunsa ngati mtundu umenewo ndi wabwino pa chipinda chochezera. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, asankhe yekha.