Mabokosi Khumi a Blasius

Blasius Kachingwe anali mmisiri womanga, koma pa esiteti ya thonje imene inali pakati pa Utale ndi Balaka ankawerengedwa ngati wina aliyense wa thangata. Nyumba yake ndi munda wake zinali pa malo a mzungu, ndipo tsiku limene mzunguyo akanatopa naye, iye, mkazi wake Sabina ndi ana anayi akanagona pamtetete. Mzunguyo anthu anamutcha Bwana Mapepala, chifukwa chinthu chosalembedwa papepala kwa iye chinali bodza, ngakhale chitamuluma pamwendo.

M'chilimwe cha 1951 Bwana anafuna kuti pansi pa shedi yosungiramo thonje pathiridwe konkire. Blasius anayeza ndi tepi: mafiti 40 mulitali, 30 mulifupi, ndiye kuti bwalo lonse mafiti 1,200. Kuchindikala kunali mainchesi anayi, limene ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a fiti. Anagawa 1,200 patatu n'kupeza 400. Iye ankayezera zinthu m'bokosi lamatabwa la fiti imodzi mbali zonse, limene thumba limodzi la simenti linkadzaza ndendende. Choncho pankafunika konkire wodzaza mabokosi 400.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Ku mishoni ya Utale kumene anaphunzira ntchitoyi anamuuza kuti zouma zimanama. Mchenga umalowa m'mipata ya miyala, simenti imalowa m'mipata ya mchenga, ndipo ukathira madzi mulu uja umafwerera n'kuchepa. Pofuna mabokosi 400 a konkire uyenera kuwonjezera theka lake, zouma zikhale 600. Msakanizo unali bokosi limodzi la simenti, atatu a mchenga, asanu ndi limodzi a miyala, onse pamodzi khumi. Ndiye kuti matumba 60 a simenti, mabokosi 180 a mchenga, ndi 360 a miyala. Munthu mmodzi ankaphwanya miyala yodzaza mabokosi khumi patsiku, choncho amuna asanu ndi mmodzi akanatha miyalayo masiku asanu ndi limodzi. Amayi asanu, aliyense akututa mabokosi asanu ndi limodzi patsiku kuchokera ku mtsinje wa Rivirivi, akanatha mchenga masiku omwewo.

Zonsezi anakazifotokoza kwa Lyford, kalaliki wa esiteti, munthu wovala nsapato ngakhale kukutentha koti nkhuku zili kukamwa yasa. Lyford analemba pang'ono, nagawa 400 ndi khumi, n'kupeza matumba 40. Za kufwerera anaseka, nati zimenezo ndi nzeru za amisiri pofuna kupeza yakumbali. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu; pepala lake ndi limene linapita kwa Bwana. Ku siteshoni ya Balaka ngolo inakatenga matumba 40. Ophwanya miyala anawalembera matikiti a ntchito a masiku anayi okha, amayi a mchenga chimodzimodzi.

Sabina anamuchonderera mwamuna wake kuti angochepetsa kuchindikalako, kapena achulutse mchenga, pakuti mzungu sakakumba pansi kuti aone. Blasius anakana. Dothi la pamenepo linali la makande, long'aluka m'chilimwe n'kutupa m'dzinja, ndipo konkire wopyapyala sakanaona mvula ziwiri. Komanso, tinene zoona, bamboyu anali ndi kamtima kodzimva. Ankakonda ntchito yake kuposa mmene munthu wokhala pa malo a eni ayenera kukondera kanthu.

Anagawa shediyo m'zigawo zitatu zofanana ndi matabwa, natenga amuna khumi osakaniza ndi kututa. Tsiku loyamba anathira chigawo chimodzi, lachiwiri china. Pofika madzulo panatsala thumba limodzi lokha, kamulu ka mchenga ndi kamulu kena ka miyala. Chigawo chachitatu chinali dothi lokhalokha.

M'mawa mwake Bwana anabwera, Lyford ali pambuyo ndi pepala lake. Kalalikiyo anali atanena kale kuti matumba ena anagulitsidwa ku masitolo a ku Balaka. Bwana anafunsa Blasius, kudzera mwa Lyford yemweyo, kuti simenti ili kuti. Mawu akuti wakuba anamveka pamaso pa anthu onse a thangata, ndipo Blasius anapsa mtima koopsa.

“Bwana, musamve za ine, musamvenso za akalalikiwa,” anatero. “Funsani bokosili.”

Anatsegula thumba lotsala lija. Anayeza mabokosi atatu a mchenga ndi asanu ndi limodzi a miyala, akuwerengetsa mokweza kuti aliyense amve: khumi. Anasakaniza ndi fosholo, nathira madzi, kenako anayamba kubwezera konkire m'bokosi, akutsendera ndi kukhuthula. Limodzi, awiri, atatu. Anthu anayamba kuwerenga naye. Lachisanu ndi chimodzi linadzaza. Lachisanu ndi chiwiri linalekera panjira, pansi palibenso choti n'kukokota.

“Ndaba mabokosi atatu inu mukuona, Bwana,” anatero Blasius. “Ndisecheni.”

Mayi wina wa mchenga ndiye anayamba kuseka, ena onse n'kutsatira. Blasius mtima unakhala m'malo, ndipo anamwetulira kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Bwana sanali chitsiru, anaona bwinobwino kuti mmisiri akunena zoona. Anafiira mpaka m'makutu, nayang'ana anthu amene ankasekawo, osati bokosi. Wakuba akanamukwapula n'kumusiya. Koma munthu womuphunzitsa masamu pamaso pa antchito ake analibe naye kochitira.

Masana omwewo Lyford anabwera ndi kalata. Inalibe mawu a kuba. Inati Blasius Kachingwe ndi wamwano, ndipo achoke pa esiteti pofika Loweruka, iye ndi banja lake. Munda umene Sabina anali atagalauza kale kudikira mvula unapatsidwa kwa mlamu wake wa kalalikiyo. Mwa amene anaseka aja panalibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzapepesa, poopa kuti angaonedwe pakhomopo. Sabina sanamukalipire mwamuna wake. Anangomanga mitolo, ndipo zimenezo zinamupweteka Blasius kuposa chikoti.

Loweruka m'mawa, Blasius akukweza mphasa ndi miphika pa ngolo ya mnzake wa ku Kalembo, Lyford anatulukira ndi amuna asanu ndi mmodzi onyamula nyundo ndi mapiki. Anaima chapatali, nafunsa mwaulemu ngati kuti sipanachitike kanthu, kuti kodi chigawo chotsala chija chifuna zingati. Blasius anafuna kumunamiza, koma pakamwa panakana. Anati matumba 20, mchenga mabokosi 60, miyala 120. Lyford analemba mosamala.

Kenako anafotokoza kuti simenti Bwana waitanitsa kale, koma wakana kutumiza anthu kuphiri kukafuna miyala pamene ina ili pafupi. Analoza nyumba ya Blasius. M'mudzi wonse wa thangata inali yokhayo yokhala pa maziko amiyala, imene iye ndi Sabina anasenza pamutu zilimwe ziwiri.

“Ndiye mutiuze, amisiri,” anatero Lyford, “ikwana?”

Blasius anayang'ana nyumba yake, ndipo mutu unayamba kuwerengetsa wokha, iye asakufuna. Mafiti 24 mulitali, 16 mulifupi, kuzungulira 80. Fiti imodzi kutambalala, imodzi ndi theka kuya. Anadzida chifukwa cha kufulumira kwa yankholo.

“Ikwana,” anatero.

Amuna aja anadikira kuti Sabina atulutse mwana wamng'ono, kenako anayamba ndi khoma lakuchipinda.